Nthano ya mathanki awiri: mmene ndinawafotokozera ana za batire magetsi atathima

Usiku wina mu 2023, chaka chija magetsi ankathima mpaka kawiri katatu pa tsiku kuno ku Joni, ndinali kwa achemwali anga ku Yeoville. Alamu anga anali atagula inveta ya pangolo ija yokhala ndi batire mmunsi, nde magetsi atapita 6 koloko ana anapitiliza kuonera TV bwinobwino, koma isanakwane 8 inveta inayamba kulira pii pii pii kenako mdima bii. Tadala, wazaka 9, anafunsa kuti amalume, magetsi amene anali mu batiremo apita kuti? Mkulu wake Yamikani anamuyankha kuti atha basi, ngati mafuta a mgalimoto. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndimamangira anthu mainveta ndi masola, koma ndinaona kuti ndikayamba za ma V ndi ma Ah ana agona. Nde ndinangoti padangokhala, iwo n'kuti tilitonse, ngakhale chichewa chawo ndi chosakaniza ndi chizulu. Nthanoyo ndaiyika pano pamodzi ndi zofotokozera za akuluakulu, chifukwa makolo ambiri amene ndimawagwirira ntchito amafunsa mafunso omwewo a Tadala, kungoti amafunsa mwaulemu.

Mathanki awiri ndi chigayo

Padangokhala mudzi wina umene unali mmunsi mwa phiri. Pamwamba pa phiri panali thanki yayikulu yodzadza madzi, pansi pa phiri panali thanki ina yofanana nayo koma yopanda kanthu. Pakati pake panali paipi, ndipo pakati pa paipiyo panali gudumu la chigayo. Mayi akabwera ndi chimanga, mwini chigayo ankatsegula mpopi, madzi n'kuyamba kutsetsereka kuchoka pamwamba, akamadutsa amakankha gudumu, gudumu limazungulira, ufa n'kumatuluka. Madziwo akadutsa pagudumu sankatayika, ankakalowa mu thanki ya pansi ija.

Tsiku lina kunali ukwati, anthu anagayitsa kuyambira mmawa mpaka madzulo, gudumu linayamba kuyenda mwaulesi kenako linaima. Anthu anati madzi atha! Koma kamtsikana kena kanakasuzumira mu thanki ya pansi n'kupeza madzi onse ali momwemo, ngakhale dontho silinasowe. Kanabwerera n'kuwauza akuluakulu kuti madzi alipo onse, chimene chatha ndi kutsetsereka, chifukwa madzi amene ali pansi kale sangakankhe gudumu.

Apa Tadala anadula nkhani n'kuti nde angowabweza pamwamba paja. Ndinati eetu, wadziwa, kumeneko ndiko kutchaja.

Chinthu chimene ndimafuna ana amve ndi ichi, ndipo akuluakulu ambiri sachidziwa: batire si botolo lothiramo magetsi. Mu waya muli tinthu ting'onoting'ono kwambiri totchedwa maelekitironi, tilimo kale ngakhale waya ali mu shopu. Batire ili ndi mbali ziwiri, ya − ndi ya +, zopangidwa ndi zinthu zosiyana, mbali imodzi imafuna kutaya maelekitironi pomwe inayo imawafuna. Mukalumikiza babu pakati, maelekitironi amachoka ku −, kudutsa mu babu, kukalowa ku +, ndipo kuyenda kwawoko ndi kumene kumayatsa babu. Nde batire yodzadza ndi batire yakutha zimalemera chimodzimodzi, mutha kuyeza pa sikelo ya kukhitchini. Chimene chasungidwa ndi mpata wotsetsereka uja, osati madziwo. Nchifukwa chake mathanki ayenera kukhala awiri, anthu ambiri akamafotokoza amajambula imodzi yokha nde mwana amangoganiza kuti magetsi amatayikira pansi.

Munthu woyamba kupanga zimenezi anali Alessandro Volta wa ku Italy, mu 1800. Anasanjikiza tizitsulo tozungulira ta zinki ndi kopa, pakati pake n'kumaika kansalu kapena kapepala konyowa ndi madzi amchere, kusanja ngati mbale mpaka mulu utatalika. Izi zinachokera pa mkangano wake ndi Luigi Galvani, yemwe anaona miyendo ya chule wakufa ikugwedezeka itakhudzidwa ndi zitsulo n'kunena kuti magetsi ali mu nyama. Volta anati ayi, nkhani ili pa zitsulo ziwiri zosiyanazo. Ana anaseka kwambiri za chuleyu, mpaka pano Tadala amati batire inapangidwa ndi chule.

Kutalika kwa phiri, kapena kuti volteji

Nambala imene imalembedwa ndi V pa batire ndi volteji, dzinalo likuchokera kwa Volta yemweyo. Mu nthano yathu ndi kutalika kwa phiri. Sikukula kwa thanki ayi, ndi kutalika kumene madzi akugwa. Kathanki kakang'ono kali pamwamba pa fulati ya nsanjika khumi kamatulutsa madzi mwaukali kuposa chithanki chachikulu chili pa njerwa ziwiri.

Ana a ku Joni izi samavutika nazo kumva. Mzindawu uli pamtunda, madzi ake ambiri amachokera ku damu la Vaal ndipo amachita kukwezedwa ndi mapampu, ndiye mmadera okwera mumakhala nsanja za madzi, ku Yeoville komweko ilipo yakalekale pamwamba pa chitunda. Madzi akachepa mmathanki a mzinda, amene amayamba kusowa ndi okhala kumtunda ndi pa nsanjika zapamwamba, mpopi umangotuluka mpweya pomwe a pansi akutungabe. Madzi alipo koma mphamvu yokwera ilibe. Ndi mmene tochi imachitira batire ikamatha, imayakabe koma mofiira.

Kutalika kwa phiriku kumadalira zinthu zimene zaikidwa mkati, osati kukula kwa batire. Batire ya tochi, kaya ndi kakang'ono ka rimoti kaja kaya ndi yonenepa ya wailesi, zonse ndi 1.5 V. Chipinda chimodzi cha batire ya mtovu ndi asidi chimapereka pafupifupi 2.1 V. Cha litiyamu cha mu foni ndi cha mma 3.7 V, chikadzadza chimadutsa 4 pang'ono. Nanga 12 V ya galimoto imachokera kuti? Mkati mwake muli zipinda zisanu ndi chimodzi zolumikizana motsogozana, + wa ichi ku − wa chinacho, ngati kusanjikiza mapiri asanu ndi limodzi, 6 × 2.1 n'kukwana cha mma 12.6 V. Mabatire akale aja okhala ndi tizitsekero pamwamba mukawerenga mupeza tilipo sikisi. Ndi chifukwa chakenso mu tochi timalowetsa mabatire awiri motsogozana, 1.5 ndi 1.5 akhale 3, ndipo mukatembenuza limodzi sichiyaka chifukwa mapiri awiriwo akukankhana okhaokha.

Kukula kwa paipi ndi kukula kwa thanki

Yamikani anafunsa kuti nanga ngati chigayo chili chachikulu? Ndinati chimafuna madzi ambiri nthawi imodzi, paipi yaikulu, nde thanki imatha msanga. Kuchuluka kwa madzi amene akudutsa pa sekondi iliyonse ndi kumene timati maampu, chilembo chake A, dzina lochokera kwa André-Marie Ampère wa ku France. Kukula kwa thanki ndi Ah ija mumaiona pa chikwama cha batire. 100 Ah ikutanthauza kuti mongoyerekeza mutha kutunga maampu 5 kwa maola 20. Foni imalembedwa mAh, ndi zomwezo kungoti zagawidwa ka 1000, 5000 mAh ndi 5 Ah basi.

Koma pano ndi pamene anthu amapusitsidwa. Kukula kwa thanki pakokha sikukuuzani ufa umene mugaye, muyenera kudziwanso phiri ndi lalitali bwanji. Mphamvu yeniyeni yosungidwa imapezeka pochulukitsa ziwirizo:

V × Ah = Wh

W imeneyo ndi mawati, dzina la James Watt wa mainjini a nthunzi, ndipo Wh ndi mawati kwa ola limodzi. Mayunitsi amene timagula a pulipedi aja, yunitsi imodzi ndi 1000 Wh.

Tiyeni titenge pawabanki, poti aliyense ali nayo. Yolembedwa 10000 mAh, mkati mwake muli litiyamu wa 3.7 V, nde 3.7 × 10 ikutipatsa 37 Wh. Foni ya 5000 mAh ili ndi cha mma 19 Wh. Pa pepala mungati idzadza foni kawiri ndendende, koma aliyense amadziwa kuti imatchaja kamodzi ndi theka basi, anthu n'kumati andibera, ndi yafeki. Nthawi zina ndi yafekidi, makamaka zolembedwa manambala odabwitsa koma zopepuka ngati mulibe kanthu, koma ngakhale yabwino imatero. Chifukwa chake n'chakuti pawabanki imayenera kukweza 3.7 V kufika 5 V kuti idutse pa USB, foni nayo n'kutsitsanso, ndipo pa kukweza ndi kutsitsa kulikonse pamatayika mphamvu ina. Kufunda kumene mumamva pa foni ikamatchaja ndi madzi amene akudontha panjira.

Tsiku lina ndinawerengera kuti 37 Wh imeneyi ikanakhala madzi enieni ikanakhala ochuluka bwanji, ndipo ndinadabwa ndekha. Ndi thanki ya malita 1000, zobiriwira zija anthu akuika kuseri kwa nyumba, itakwezedwa mamita pafupifupi 14, kutanthauza pa nsanjika yachinayi kapena yachisanu. Madzi olemera tani yathunthu. Ndipo kanthu kake kamalowa mthumba la jini. Ana anangoti haa amalume mukunama.

Pampu

Nthano ija inapitilira. Mwini chigayo anagula pampu yoti izikweza madzi kuchoka mu thanki ya pansi kubwerera pamwamba usiku. Koma pampu siyenda yokha, inkafuna anyamata oipalasa, ndipo anyamatawo ankatopa kwambiri kuposa ntchito imene madziwo ankagwira akamatsika mawa lake. Thanki ikamayandikira kudzadza ankayenera kupopa pang'onopang'ono kuti madzi asasefukire.

Tchaja ndiye pampu. Imatenga mphamvu ku soketi ya 230 V kapena ku sola n'kukankha maelekitironi chobwerera. Kuti madzi akwere pampu iyenera kukankha mopitilira kutalika kwa phiri, nchifukwa chake batire ya 12 V imatchajidwa ndi cha mma 14 V. Ndipo mumaona foni imathamanga kufika cha mma 80% kenako n'kumakwawa, si kuwonongeka, ndi tchaja ikupopa mosamala chifukwa thanki yatsala pang'ono.

Batire yoyamba yotheka kutchajanso anaipanga Gaston Planté wa ku France mu 1859, ya mtovu ndi asidi, ndipo ya mgalimoto mwanu ndi mdzukulu wake weniweni, sinasinthe kwenikweni. Ya litiyamu ya mtundu wa mmafoni uja inayamba kugulitsidwa mu 1991 ndi kampani ya Sony, ndipo mu 2019 anthu atatu amene anaitulukira, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel.

Chimene ndimakonda pa nthanoyi n'chakuti kuno ku South Africa ilipo yeniyeni, si nthano chabe. Ku mapiri a Drakensberg kuli malo opangira magetsi a madamu awiri, lina pamwamba lina pansi, wina amatchedwa Drakensberg wina Ingula, kwinanso ku Palmiet kufupi ndi Cape Town. Usiku anthu akagona magetsi akatsala amapopa madzi kukweza kumtunda, madzulo aliyense akayatsa sitovu amawatsegula n'kutsika kudzera mmakina. Kusiyana kwake ndi kwathu ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira n'kwakuti kumeneko madzi a Shire akadutsa apita, sabwereranso, ndipo amene amawakwezanso kumtunda ndi dzuwa ndi mvula.

Nanga mabatire a tochi osatchajika aja? Mwa iwo thanki ya pamwamba ndi zinki, ndipo ikamagwira ntchito zinkiyo imadyeka n'kusanduka chinthu china chimene sichibwerera bwino mmalo mwake. Ndinawauza ana kuti ndi thanki imene imasungunuka madzi akamatsika, nde ngakhale upope ulibe pothira. Mukaika pa tchaja imatha kuchucha kapena kuphulika, musayesere. Kwathu agogo ankayanika mabatire a wailesi padzuwa kuti amvere mpira, ndipo zinkathekadi kwa mphindi zingapo. Koma dzuwa silinkatchaja, kutentha kunkangofulumizitsa tizinthu totsalira mkatimo, ngati kupendeketsa ndowa kuti madzi otsalira pansi atuluke.

Batire ya alamu anga

Tsopano nkhani ya usiku uja, chifukwa ndi imene imandipatsa ntchito kwambiri. Batire yawo inali ya mtovu, 12 V, 100 Ah. Kuchulukitsa, 1200 Wh. Koma batire ya mtovu siyofunika kuitunga mpaka pansi, lamulo limene amisiri timatsatira ndi loti theka basi ngati ukufuna ikhalitse, nde tatsala ndi 600 Wh. Inveta nayo posandutsa 12 V kukhala 230 V imadya yake, tinene kuti zofika ku soketi ndi cha mma 500 Wh. Iwo ankalumikiza TV ya mawati pafupifupi 60, kabokosi ka waifai ka mawati 10, ndi mababu atatu a mawati 9 lililonse. Zonse pamodzi ndi pafupifupi mawati 100. 500 kugawa ndi 100, maola asanu. Ndipo ili yatsopano inkakwanitsadi, maola anayi a kuthima kwa magetsi kwa siteji 6 inkawadutsa bwinobwino.

Vuto linali pa pampu. Maola amenewo amachotsa cha mma 40 mpaka 50 Ah mu batire, ndipo tchaja ya mu inveta yawo inali ya maampu 10. Kubweza 50 Ah pa maampu 10 ndi maola asanu pa pepala, koma ndi kupopa kwapang'onopang'ono kwa kumapeto kuja zimafika maola asanu ndi atatu kapena kuposa. Masiku amenewo magetsi ankathimanso nthawi imeneyo isanakwane. Nde thanki inkayamba ntchito isanadzadze, mawa lake n'kuyambira potsikirapo, mkuja potsikiranso, mwezi wathunthu osadzadzako ngakhale kamodzi.

Mkati mwa batire ya mtovu mukachitika zimenezi mumaonongeka motere. Ikamagwira ntchito, asidi amagwirana ndi mapuleti a mtovu n'kupanga tinthu toyera tomata pamapuletipo, ndipo asidiyo amasungunuka kuyandikira madzi. Mukatchaja msanga mpaka kudzadza toyerato timasungunuka kubwerera mu asidi. Mukachedwa timauma n'kukhala ngati miyala, tchaja siingatichotsenso. Kwa ana ndinati matope anayamba kudikha pansi pa thanki ya pamwamba, tsiku ndi tsiku, mpaka anauma ngati simenti. Kunja thanki ikuoneka yaikulu chimodzimodzi, palembedwabe 100 Ah, koma mkati malo a madzi atsala ochepa.

Chizindikiro chake ndi ichi, ndipo ndi chimene chimapusitsa anthu: batire yotere imadzadza msanga. Alamu anga ankati koma batire iyi ndi yabwino, ola limodzi lokha kanyale kobiriwira kayaka. Eetu, kapu imadzadza msanga kuposa ndowa. Ikadzadza msanga n'kutha msanga, dziwani kuti thanki yachepa mkati.

Mmawa mwake ndinabwera ndi mita yanga. Kuyeza kwake mumachotsa batire pa tchaja ndi pa inveta, n'kuisiya ipume maola angapo, chifukwa ikangochoka pa tchaja imaonetsa nambala yokwera yabodza, ngati thovu pamwamba pa thobwa. Ikapuma, 12.6 kapena 12.7 V ndiye yodzadza, cha mma 12.2 ndi theka, ikatsika pansi pa 12 ndiye yatsala pang'ono kutheratu. Mukapeza cha mma 10.5 mutatchaja usiku wonse, chipinda chimodzi mwa sikisi zija chafa, phiri limodzi lagumuka. Ya alamu inaonetsa 12.6, iwo n'kumwetulira kuti mwaona. Ndinati dikirani alamu, tiyatse TV. Nambala inayamba kutsika tikuona, pasanathe nthawi yaitali inali pansi pa 12. Mita imangoyeza kutalika kwa madzi mu thanki, siyeza kuti thankiyo ndi yotakata bwanji, nde batire yakufa imatha kuoneka yamoyo mpaka mutaipatsa katundu.

Kenako achemwali anaulula kuti masiku ena ankalumikizapo ketulo, tiyi wa mmawa wokha. Ketulo ndi mawati pafupifupi 2000. Pa 12 V ndiye kuti maampu oposa 160 nthawi imodzi, pomwe TV ndi mababu aja ankakoka osakwana 10. Kuli ngati kugwetsa khoma la thanki kuti utunge. Inveta yaing'ono imangozima yokha, yokulirapo imalola koma mawaya amatentha ndipo batire ya mtovu ikamatungidwa mwaukali chonchi imapereka zochepa kuposa zolembedwa zija. Chilichonse chotenthetsa, ketulo, ayironi, hita, sitovu ya mbale ziwiri, musaike pa batire imodzi. Ndipo pamene pali batire yaikulu ana asaseweretsepo sipanala kapena waya, chitsulo chikakhudza + ndi − nthawi imodzi ndiye shoti, madzi onse akutsika opanda gudumu lowachedwetsa, chitsulocho chimafiira n'kuotcha. 12 V sikugwira munthu ngati magetsi a pakhoma koma imayatsa moto. Ya mtovu ikamatchaja imatulutsanso mpweya woyaka, nde mchipinda chimodzi chija ambiri timagona ndi kuphikiramo, zenera lizikhala lotsegula.

Pamene thanki imanama

Yamikani ndi mwana wovuta, mwa ubwino. Anati amalume, paipi ikaduka madzi amatayika, nanga waya akaduka bwanji magetsi satayikira pansi? Apa ndinavomera kuti nthano yanga yafika pothera. Magetsi amafuna njira yozungulira yathunthu, kuchoka mu batire n'kubwereranso mu batire, njira ikaduka paliponse zonse zimangoima. Ndipo mkati mwa batire muli kanjira kena kamene mathanki alibe. Maelekitironi akamayenda kunja mu waya, mkatimo tizidutswa tina, mu foni ndi ta litiyamu, timaoloka kudzera mu madzimadzi amene ali pakati pa mbali ziwirizo kuti zinthu zifanane. Timeneti tikalephera kuoloka, kunjakonso palibe chimayenda. Nchifukwa chake galimoto imavuta kulira mmawa wa mu Juni kuno, kuzizira kumachedwetsa kuoloka kumeneku, pomwe thanki ya madzi ilibe nazo ntchito zimenezo.

Kwinanso kumene thanki imanama ndi pa mabatire a litiyamu a mainveta, olembedwa LiFePO4. Thanki yeniyeni madzi akamachepa mphamvu imatsika pang'onopang'ono, ya mtovu imateronso, nchifukwa chake mita imathandiza. Koma awa amakhala cha mma 13 V pafupifupi ulendo wonse kenako n'kugwa mwadzidzidzi kumapeto. Poyeza ndi mita simungadziwe bwino ngati ili pa 70% kapena pa 40%, mkati mwake mumakhala kabodi kamene kamateteza batire ndipo mwa ena kamawerengera zolowa ndi zotuluka. Foni nayo peresenti imene imakuonetsani ndi yowerengera, palibe kagalasi kosuzumira, nde batire ikakalamba mumaona ili pa 30% kenako yazima.

Zimene anthu sanagwirizanebe

Aphunzitsi a sayansi eniake amatsutsana ngati chithunzi cha madzichi n'choyenera ana. Ena amati chimathandiza mwana kusiyanitsa volteji ndi maampu, zimene ngakhale akuluakulu amasokoneza. Ena amati chimasiya maganizo olakwika oti magetsi ndi chinthu chothira n'kutha, ndipo kudzawachotsa ku sekondale kumavuta. Ine ndimagwiritsa ntchito mathanki awiri pofuna kuchepetsa vutolo, koma funso la Yamikani lija likuonetsa kuti silitheratu.

Pa nkhani yogula, ena amati ya mtovu ndi yotchipa ndipo ikafa ogula zitsulo amaitenga n'kukasungunula mtovu wake, ena amati ya litiyamu ngakhale ndi yodula poyamba imalola kutunga pafupifupi yonse, imatchaja msanga ndipo imapirira maulendo ochuluka kwambiri. Yotchipa pamapeto ndi iti zimadalira kuti magetsi azithima kangati, ndipo zimenezo palibe amene angalonjeze, mu 2024 kuthima kwa ndondomeko kuja kunaima miyezi yambiri mabatire n'kumangokhala pakona. Palinso za kutchaja foni mpaka 80% yokha kuti batire ikhalitse, zoona litiyamu sakonda kukhala wodzadza ndi wotentha nthawi yaitali, koma munthu wokwera takisi 5 koloko mmawa n'kubwera usiku angasiye dala gawo la thanki lopanda kanthu? Mabatire a litiyamu akafa azipita kuti, poti njira zowasonkhanitsira sizinafike pa za mtovu? Kobati, chitsulo chimene chili mmabatire a mafoni ambiri, amakumbidwa kwambiri ku Congo, ndipo mkangano wa mmene okumbawo amagwirira ntchito sunathe. Ena akuyesa mabatire a sodiyamu, chinthu chimene chili mu mchere wa pa ndiwo, oyembekezeka kukhala otchipa koma thanki yake yocheperako pa kulemera komweko, ndipo sizinadziwike kuti adzafika pati.

Tadala naye ali ndi lake limene anandifunsa tikutuluka ndi batire yakufa ija kupita nayo kwa ogula zitsulo. Anati amalume, ngati madzi onse alimobe ndipo angouma matope, bwanji osatsegula thanki n'kukolopa? Ndinamuuza kuti pali matchaja ena amene ogulitsa amati amaswa matopewo, ena mwa anzanga amati amathandiza batire ikakhala kuti sinapite patali, ena amati n'kutaya nthawi, ndipo kutsegula kokha ayi chifukwa muli asidi wootcha. Anangoti hmm, n'kugwira mbali ina ya chogwirira kuti tithandizane kunyamula potsika masitepe.